Musanasayine pangano losunga chinsinsi: mafunso ndi mayankho kwa ogwira mafayilo a eni ake ku Kasungu

Tsamba lino ndi la anthu amene mumagwira ntchito za pakompyuta za eni ake kuno ku Kasungu: olemba mabuku a ndalama, olowetsa mayina a alimi, achinyamata oyenda ndi matabuleti m'midzi pa kafukufuku wa mabungwe, ngakhalenso okonza makompyuta. Ambiri a inu mumapatsidwa chikalata cha m'Chingerezi cholembedwa NDA pamwamba, chomwe ndi pangano losunga chinsinsi, n'kuuzidwa kuti musayine lero lomwe.

Kuti nkhani isabalalike, titsata chitsanzo chimodzi chongoyerekeza. Kampani yogula soya ndi mtedza yakulembani ganyu ya miyezi itatu, kuyambira Epulo mpaka Juni. Ntchito yanu ndi kulowetsa mu Excel mayina a alimi a m'makalabu a ku Santhe, Chamama ndi Nkhamenya: dzina, nambala ya chiphaso cha unzika, nambala ya foni yolandirira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, makilogalamu amene wagulitsa ndi mtengo wake. Malipiro anu onse ndi K400,000, laputopu ndi yanu yomwe, ndipo akupatsaninso pasiwedi ya imelo ya kampani.

Chikalatachi chimandimanga ngakhale ndinasayina osawerenga?

Inde. Ndi kontrakiti ngati ina iliyonse. Mukulonjeza kuti zimene mudzaone pa ntchitoyo simudzaziulula kwa ena, komanso simudzazigwiritsa ntchito pa zanu. Kukhoti, mawu oti "sindinawerenge" kapena "Chingerezi chake chinali chovuta" sapulumutsa munthu wamkulu amene anasayina yekha mosakakamizidwa kapena kunamizidwa. Musaganizenso kuti chimene chadutsa pa imelo n'chopepuka, chifukwa lamulo la m'chaka cha 2016 loona za zochitika za pa intaneti limavomereza siginecha ya pakompyuta.

Ndiye pemphani tsiku limodzi kapena awiri kuti mukawerenge kunyumba, ndipo mukasayina mutenge kope yanu yokhala ndi masiginecha a mbali zonse ziwiri. Bwana wokana kukupatsani kope wakuuzani kale momwe zinthu zidzayendere mukadzasemphana.

Masamba ndi ambiri. Ndime zofunika kuziyang'anitsitsa ndi ziti?

Yambani ndi ndime imene ikufotokoza kuti chinsinsicho n'chiyani. Kawirikawiri imakhala pansi pa mutu woti Confidential Information. Pangano labwino limatchula zinthu zooneka: mndandanda wa alimi, mitengo imene kampani ikugulira, mayina a amene imawagulitsa mbewuzo, mapasiwedi. Pangano loipa limati chilichonse chimene mudzamve kapena kuona, cholembedwa kapena chapakamwa. Mawu otere akutanthauza kuti ngakhale mtengo wa soya umene walembedwa pa chikwangwani pa sikelo, umene aliyense wodutsa pa njinga akuuwerenga, inu simungautchule.

N'chifukwa chake muyenera kufufuza ndime yachiwiri, yotchula zimene si chinsinsi. Mapangano olembedwa bwino amachotsamo zinthu zinayi: zimene anthu onse akuzidziwa kale popanda inu kuulula, zimene inu munkazidziwa musanayambe ntchitoyo, zimene mwamva kwa munthu wina amene anali ndi ufulu wokuuzani, ndi zimene khoti kapena lamulo lakulamulani kuti munene. Chachiwiricho n'chofunika kwambiri kwa munthu wakuno. Ngati kwanu n'ku Chamama, apampando a makalabu ena ndi amalume anu kapena anzanu a kumpingo, ndipo manambala awo ali m'foni mwanu kuyambira kale. Popanda ndime imeneyi, tsiku lina kampani ikhoza kunena kuti manambalawo munawatenga pa mndandanda wake. Ngati ndimeyi mulibe, pemphani kuti ayiwonjezere.

Kenako onani nthawi. Pangano lina limati zaka ziwiri kapena zitatu ntchito itatha, lina silitchula mapeto. Mitengo ya chaka chino ikhala yopanda phindu chaka chamawa, kotero palibe chifukwa chokumangirani nayo moyo wonse. Koma manambala a ziphaso za alimi sakalamba, ndipo pamenepo musalimbane nawo: amenewo musawaulule mpaka kalekale, kaya pangano lanena kapena ayi.

Ndime imene anthu amaidumpha ndi yonena za kasungidwe. Mupeza mawu oti mafayilo asasungidwe pa chipangizo chanu, asatumizidwe pa njira zosavomerezeka, kapena kuti mudzawafufute onse pasanathe masiku 7 ntchito itatha. Powerenga dzifunseni ngati mungakwanitsedi zimenezi ndi zipangizo zimene muli nazo. Pa chitsanzo chathu chija, laputopu ndi yanu. Ngati pangano likuletsa kusunga mafayilo pa chipangizo chanu, ndiye kuti mwaliphwanya tsiku loyamba lomwe, bwana akuona, ndipo adzakumbukira ndimeyo pokhapokha zinthu zikadzalakwika. Ine ndimaona kuti anthu ambiri saphwanya mapanganowa chifukwa cha pakamwa. Amawaphwanya ndi fulashi, WhatsApp ndi foni yobwerekana, chifukwa anasayina zinthu zimene sakanatha kuzichita.

Alemba kuti ndikaphwanya ndidzalipira K5,000,000, pomwe malipiro anga ndi K400,000. Zimatheka?

Kulemba amalemba. Koma malamulo a makontrakiti amene makhoti athu amatsata amasiyanitsa zinthu ziwiri: ndalama imene mbali zonse zayerekeza moona mtima kuti ndiyo ingakonze zowonongeka, ndi ndalama yongoopsezera, yosagwirizana konse ndi kukula kwa vutolo. Yachiwiriyi khoti likhoza kuikana n'kulamula kuti kampani ionetse zimene yatayadi.

Izi zisakupatseni mphwayi. Kuti khoti lifike ponena zimenezo, mudzakhala mutayenda maulendo ambiri ndiponso kulipira loya. Njira yotsika mtengo ndi kukana nambalayo musanasayine. Pemphani kuti chimene mungalipire chisapitirire malipiro anu onse a ntchitoyo, ndiponso kuti chikhudze zokhazo zimene mwachita mwadala kapena mosasamala. Laputopu yobedwa m'nyumba yokhoma, mafayilo ali otsekedwa bwino, si chimodzimodzi ndi kugulitsa mndandanda kwa vendala. Dziwaninso kuti kampani ikhoza kukatenga chiletso kukhoti chokuletsani kugwiritsa ntchito zimene muli nazo, ngakhale pangano silinatchule ndalama iliyonse.

Muli ndime yoti ndisagwire ntchito kwa ogula mbewu ena kwa zaka ziwiri. Nachonso ndi chinsinsi?

Ayi, imeneyo ndi nkhani ina imene yangobisala m'chikalata chomwecho. Kusunga chinsinsi n'kusaulula zimene mukudziwa, pomwe ndime iyi ikukuletsani kupeza chakudya. Makhoti amavomereza chiletso chotere pokhapokha ngati chili chapakati, poona kutalika kwa nthawi, kukula kwa dera ndi chimene kampani ikuteteza. Ganyu ya miyezi itatu yobweretsa chiletso cha zaka ziwiri, m'boma limene ntchito zambiri za nyengo zimachokera ku fodya, soya, chimanga ndi mtedza, n'chinthu choyenera kuchikana. Pemphani kuti ayichotse, kapena ikhale ya nyengo yogula ya chaka chomwecho basi.

Ndikapempha kuti asinthe, sangopatsa wina ntchitoyo?

Zikhoza kuchitika, sindikunamizani. Koma mapangano ambiri otere amakhala okopera pa intaneti kapena ochokera ku likulu ku Lilongwe, ndipo bwana wakuno nayenso sanawawerenge. Kalankhulidwe ndiye kamathandiza. Musanene kuti "pangano lanu ndi loipa". Nenani kuti, "Bwana, ndime 6 ikuti ndisasunge mafayilo pa kompyuta yanga, koma ntchitoyi ndigwirira pa laputopu yanga. Mundipatsa ya kampani, kapena tisinthe ndimeyi?" Mukagwirizana zosintha, zilembedwe pa chikalatacho ndipo nonse musayine m'mbali mwa ndime yosinthidwayo. Mawu apakamwa oti "osadandaula, izo n'zongolemba" sadzakuthandizani.

Ngati ndalama zotchulidwazo ndi zambiri, onanani ndi loya. Amene simungakwanitse kulipira loya, funsani thandizo ku Legal Aid Bureau.

Ndikaona zachinyengo, monga sikelo yobera alimi kapena mayina a alimi oti kulibe, panganoli likunditseka pakamwa?

Pangano la anthu awiri silingakuletseni kukanena mlandu kwa oyenera, kapena kupereka umboni khoti likakuitanani. Za masikelo amaona ndi a Malawi Bureau of Standards, za katangale ndi a Anti-Corruption Bureau, zakuba ndi apolisi. Malire ake ndi awa: kukanena kwa oyenera n'kosiyana ndi kuponya fayilo yonse pa gulu la WhatsApp kapena pa Facebook. Mukatero mwaulula manambala a alimi osalakwa, ndipo mwapatsa kampani chifukwa chabwino chokusumirani.

Kodi ndikusungira kampani yokha, kapena pali lamulo linanso?

Lilipo. Malawi ali ndi lamulo loteteza mbiri ya anthu la m'chaka cha 2024, ndipo bungwe la MACRA ndi limene limaliyang'anira. Mayina, manambala a foni ndi a ziphaso ndi a alimiwo, kampani yangowasunga. Mndandandawo ukafika kwa akuba, mlimi wa ku Santhe adzalandira foni ya munthu womutchula dzina, kalabu yake ndi makilogalamu amene anagulitsa, n'kumuuza kuti ndalama zake zatsekeka, atchule nambala yachinsinsi ya Mpamba kuti zitseguke. Munthu wodziwa zonsezo amamveka ngati wa kukampani ndithu.

Laputopu yanga ili ndi pasiwedi polowa. Sizokwanira?

Sizokwanira. Pasiwedi yolowera mu Windows imaletsa mwana wanu kutsegula, koma wakuba akhoza kuchotsa hadi disiki n'kuilumikiza pa kompyuta ina, mafayilo onse n'kuoneka poyera. Chimene chimateteza ndi kutseka disikiyo, kutanthauza kusokoneza zolembedwamo kuti zisawerengeke popanda kiyi. Pa Windows ya mtundu wa Pro pulogalamu yake ndi BitLocker. Pa Windows 11 ya Home, onani mu Settings, kenako Privacy & security, ngati muli Device encryption. Makina ena akale, monga ambiri a kaunjika, mulibe. Mukayatsa, pamapangidwa kiyi yopulumutsira ya manambala 48. Ilembeni papepala ndipo muisunge kunyumba, osati m'chikwama cha laputopu. Mukaitaya ndipo makina akavuta, mafayilowo apita, palibe katswiri angawabweze.

Ngati makina anu alibe zimenezi, tsekani foda ya kasitomala yokhayo ndi 7-Zip, pulogalamu yaulere. Posankha mtundu sankhani 7z, ikani pasiwedi, ndipo chongani Encrypt file names kuti ngakhale mayina a mafayilo asaoneke. Ozolowera kulemba malamulo angalembe chonchi mu Command Prompt, ndipo 7-Zip idzawafunsa pasiwedi:

```
"C:\Program Files\7-Zip\7z.exe" a -p -mhe=on alimi.7z Alimi
```

Kumbukirani kuti foda yoyamba ija ikadali pomwepo yosatseka, ndiye muifufute mukatsimikiza kuti yotsekedwayo ikutseguka.

Mu Excel anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Protect Sheet imangoletsa munthu kusintha zolembedwa, koma kuwerenga amawerenga. Yotseka fayilo kuti isatseguke ndi Encrypt with Password, imene ili pansi pa File, Info, Protect Workbook. Ndipo mukadzuka pampando, ngakhale mukungokagula chipisi, dinani batani la Windows pamodzi ndi L.

Ndilibe makina osindikizira. Ndingakasindikize pa mashopu a pa boma?

Apa ndiye pamatayikira zinsinsi zambiri, ndipo palibe amene amakhala ndi cholinga choipa. Mumapereka fulashi, mnyamata wa pashopu amakopera fayilo pa kompyuta yake kuti itseguke msanga, amasindikiza, inu n'kumapita. Fayiloyo imatsala pa Desktop kapena mu Downloads miyezi yambiri, pa kompyuta imene anthu ambirimbiri amaigwira. Mukatumiza pa WhatsApp ya shopuyo, imatsala m'foni ya munthu amene simukumudziwa. Palinso mapepala osindikizidwa molakwika, amene amaponyedwa m'katoni, ndipo tonse tinagulapo mtedza wokazinga wokulungidwa m'pepala lokhala ndi mayina a anthu.

Choyamba funsani kasitomala ngati mungasindikizire ku ofesi yawo. Zikakanika, ndipo pangano silikuletsa, konzani PDF ya masamba okhawo ofunika. Ngati pepalalo ndi loti alimi asayinepo polandira ndalama, manambala a ziphaso achotseni ngati sakufunika. Ikani fayilo imodziyo pa fulashi yopanda china chilichonse, imani pomwepo, pemphani kuti atsegulire pa fulashi pomwepo osakopera, ndipo mapepala olakwika omwe muwalipire n'kuwatenga. Mukafika kunyumba ifufuteni fulashiyo yonse musanaigwiritsenso ntchito, poti makompyuta a m'mashopu amakhala ndi mavairasi aja osandutsa mafoda kukhala ma shortcut.

Bwana yemweyo amanditumizira mafayilo pa WhatsApp. Ndikane?

Uthenga wa pa WhatsApp umayenda wotsekedwa pakati pa mafoni awiri, vuto lili pofikira. Zithunzi za ziphaso zimalowa m'malo osungira zithunzi a m'foni, pamodzi ndi za ukwati, ndipo ngati Google Photos ndi yoyatsa zimakweranso pa intaneti. Foniyo madzulo ana amaonerapo makatuni. Zimitsani Media visibility pa macheza a kasitomala, ndipo fayilo mukaisamutsira pa laputopu muifufute m'foni. Potumiza yang'anani dzina kawiri, chifukwa gulu la kuntchito ndi la kumpingo amakhala moyandikana. Delete for everyone sichotsa fayilo kwa munthu amene waitumiza kale kwina.

Ngati pangano likuletsa WhatsApp koma bwana akuigwiritsa ntchito, mulembereni kauthenga komufunsa ngati akuvomereza njirayo, ndipo yankho lake mulisunge. Pa Google Drive, gawanani ndi imelo ya munthuyo ndipo musiye pa Restricted. Mukasankha Anyone with the link, aliyense wolandira linkiyo atsegula. Fayilo yotsekedwa ndi pasiwedi yake zisayende njira imodzi: fayilo pa imelo, pasiwedi muimbe foni.

Mapasiwedi a makasitomala achuluka. Ndiwasunge bwanji?

Musanalandire pasiwedi ya bwana, funsani ngati angakutsegulireni akaunti yanuyanu. Anthu anayi akamalowa ndi pasiwedi imodzi, tsiku limene china chidzasowe palibe angadziwe amene anachita, ndipo chala chimaloza waganyu. Ngati palibe njira ina, lembani tsiku limene mwailandira ndi ntchito imene akulolani kuchita nayo. Kukhala ndi pasiwedi si chilolezo chowerenga makalata onse a mu imelo. Lamulo la 2016 lija limati kulowa m'zinthu za pakompyuta popanda chilolezo ndi mlandu.

Posunga, gwiritsani ntchito pulogalamu yosungira mapasiwedi. KeePassXC ndi yaulere ndipo imagwira popanda intaneti, chinthu chothandiza bandulo ikatha. Bitwarden imalumikiza foni ndi laputopu. Zonsezi zimafuna pasiwedi imodzi yaikulu. Ipangeni ndi mawu anayi kapena asanu osagwirizana, osati dzina la mwana ndi chaka chobadwa. Amene mapulogalamu akukuvutani, kabuku kokhomeredwa m'kabati kunyumba n'kabwino kuposa pasiwedi imodzi ya paliponse, bola kasamayende m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Malo oipitsitsa ndi fayilo yotchedwa mapasiwedi pa Desktop, uthenga wodzitumizira nokha pa WhatsApp, ndi kudina Save pa kompyuta ya eni ake.

Akaunti ikamatumiza khodi pa foni polowa, dziwani kuti nambala yolembedwayo ndi ya ndani. Ikhale ya kampani. Ikakhala yanu, mudzaimbiridwa foni usiku chaka chamawa ntchito itatha kalekale, ndipo china chikadzalakwika dzina lanu lidzakhala lidakali pamenepo. Khodiyo musauze munthu woimba foni, ngakhale atati ndi wa kulikulu. Dulani, muimbire bwana pa nambala imene mukuidziwa.

Laputopu yawonongeka, ndikufuna kupita nayo kwa okonza.

Ngati vuto ndi sikirini, kiyibodi kapena potchajira, wokonza safunika pasiwedi yanu. Ngati disiki ndi yosatseka ndipo imachotseka, pemphani aichotse muli pomwepo mupite nayo. Akati aikemo Windows yatsopano, amayamba akopera mafayilo anu pa disiki yawo kuti asatayike, ndiye funsani kuti akopera pati ndipo muone akufufuta.

Yabedwa, kapena ndatumiza fayilo kolakwika. Ndiyambe ndi chiyani?

Uzani kasitomala tsiku lomwelo, pa foni kenako polemba. Mantha amauza munthu kuti adikire mwina ipezeka, koma mapangano ambiri amafuna kuti munene mwamsanga, ndipo kubisa kumasanduka mlandu wachiwiri woposa woyamba. Kampani nayo ikufunika nthawi yochenjeza alimi akuba asanayambe kuimba. Lembani zimene zinalimo: mafayilo ati, a makalabu ati, otsekedwa kapena ayi. Apa mpamene kutseka disiki kuja kumakupulumutsani, chifukwa mumatha kunena kuti makina apita koma zam'kati sizingawerengeke.

Kenako, pa chipangizo china chodalirika, sinthani mapasiwedi kuyambira ya imelo, poti ndiyo imatsegulira zina zonse. Mu akaunti ya Google, pa Security, pali mndandanda wa zipangizo zolowa, ndipo mutulutsemo chobedwacho. Mu WhatsApp chitani chimodzimodzi pa Linked devices. Ngati yapita ndi foni, tseketsani simu khadi ku Airtel kapena TNM. Kanenani kupolisi ndipo lipoti lake mulisunge.

Ntchito yatha koma sanandimalize malipiro. Ndigwire mafayilo mpaka alipire?

Ayi. Ngongole yawo sifafaniza lonjezo lanu, ndipo mukagwira mafayilo kapena kusintha pasiwedi kuti asalowe, nkhani imatembenuka, wolakwa n'kukhala inu. Bwezani zawo, ndalama zanu muzilondole padera: kalata yokumbutsa yokhala ndi tsiku, kenako ofesi ya zantchito ya pa boma ngati munali wolembedwa ntchito, kapena kukhoti ngati inali kontrakiti ya ntchito imodzi.

Pobweza, lembani mndandanda wa zimene mukupereka, wolandirayo asayine. Pemphani polemba kuti asinthe mapasiwedi onse amene munkawadziwa ndi kuchotsa nambala yanu pa maakaunti awo. Kenako fufuzani malo onse amene fayilo imabisala: Downloads, Recycle Bin, makalata otumizidwa mu imelo yanu, Google Drive, WhatsApp, zithunzi za m'foni ndi mafulashi. Dziwani kuti pa disiki yosatseka, fayilo yofufutidwa imatha kubwezedwa ndi mapulogalamu ena, kotero laputopu yotere musaigulitse musanaipukute yonse. Mukadina Reset this PC, sankhani Remove everything ndipo muyatse Clean data.

Zoti musunge ndi kope ya pangano, kalata yolipiritsa, mndandanda wosayinidwa uja ndi uthenga wanu wonena tsiku limene munafufuta. Ngati mukufuna chitsanzo cha ntchito yanu choti mudzaonetse kasitomala wina, pangani tebulo lofanana nalo lokhala ndi mayina ndi manambala opeka, ndipo dzina la kampani mulitchule pokhapokha atakulolani polemba.